Dayi asanakhudze mutu wa kasitomala

Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo la ambiri a ife limachedwerapo pang'ono. Ndiye kuti mayi amene tsitsi lake lowongola lafika m'mapewa, nsonga zake zinatuluka m'khungu zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Zonse zimene zinapakidwa pamutupo m'zaka zimenezo zidakali m'tsitsimo: rilakisa wa pa Khirisimasi, dayi wakuda amene anawapaka mlamu wawo pakhonde, hina wogula pamsika. Shampu sachotsa zimenezi, ndipo maso anu sangazione zonse. Koma mankhwala amene mwasakaniza m'mbale akakumana nazo, adzachita molingana ndi zimene apezamo, osati molingana ndi chithunzi cha pabokosi.

N'chifukwa chake inu amene mwangoyamba kuphunzira ntchito ya saluni, musathamangire bulashi. Kupaka dayi n'kosavuta, mudziwa msanga. Chimene chimatenga nthawi kuchizolowera ndi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zokhala pansi ndi kasitomala chubu chisanatsegulidwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mu saluni phulalo amadya ndi kasitomala, amene anakukhulupirirani n'kukupatsani mutu wake.

Kucheza kumeneku kuchitike tsitsi lili louma, lisanatsukidwe, pamalo owala ndi dzuwa osati ndi babu, duku kapena wigi atavula. Ngati wabwera ndi meshi, ayambe wamasula, chifukwa tsitsi lolukidwa simungaliwerenge. Khalani pampando pafupi naye m'malo moima kumbuyo n'kumalankhula ndi galasi, ndipo tsitsani mawu. Nkhani ya imvi, ya zilonda kapena ya pakati si yoti anthu onse amene ali pamzere wa dulaya aimve. Munthu akafunsidwa mokuwa amayankha mwachidule kuti zithe, ndipo yankho lachidule ndi limene limaononga mitu.

Kafunsidwe kake n'kofunika kwambiri. Mukafunsa kuti, "Mayi, munadayapo?" ambiri amati ayi, ndipo sakunama. Kwa iwo kudaya ndi kusintha tsitsi kukhala lofiira kapena lachikasu. Kaufa kakuda kosungunula ndi madzi, kamene amabisira imvi zakutsogolo mwezi ndi mwezi, sakawerengera. Choncho funsani zinthu zogwirika. "Kupatula mafuta ndi shampu, n'chiyani china chimene chapakidwa m'mutumu zaka ziwiri zapitazi?" "Imvi zikatuluka mumazitani?" "Munagula chabokosi, cha m'kabotolo kapena cha m'kapepala?" "Munasakaniza ndi madzi kapena ndi mankhwala ena oyera?" "Anapaka mutu wonse kapena m'munsi mokha?" Akaiwala nthawi, athandizeni ndi zochitika: unali usanachitike ukwati uja kapena utachitika, mvula itayamba kapena m'nyengo yozizira? Anthu sasunga madeti a tsitsi lawo, koma amakumbukira mmene ankaonekera pa chinkhoswe cha mng'ono wawo.

Funso loyamba likhale la thupi, tsitsi libwere pambuyo. "Nthawi zonse zimene munapakapo dayi, khungu linatani? Munamva kuyabwa, kutentha, kutupa, kapena munatuluka timatuza m'makutu, m'khosi, pachipumi?" Ndipo musaiwale kuwonjezera kuti, "Nanga patapita tsiku limodzi kapena awiri?"

Chifukwa chake ndi ichi. Dayi wokhalitsa wambiri, makamaka wakuda ndi wabulauni, amakhala ndi mankhwala otchedwa parafenilinidayamini, amene amafupikitsidwa kuti PPD. Ndi amene amachititsa kuti mtundu ulowe m'kati mwa tsitsi n'kukhazikika. Matupi a anthu ena amafika podana nawo, ndipo chidanicho sichiyamba tsiku loyamba. Munthu angadaye zaka zisanu popanda vuto, kenaka thupi n'kutembenuka. Likatembenuka silibwereranso, ndipo ulendo uliwonse wotsatira ungakhale woopsa kuposa wapitawo. Zizindikiro zimachedwa kuoneka: kawirikawiri zimayamba patapita maola angapo, n'kufika pachimake pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. N'chifukwa chake mayi amatha kutupa zikope Lolemba osaganiza n'komwe kuti gwero lake ndi dayi wa Loweruka. Iye adzakuuzani kuti dayi samuvuta, koma mukafunsitsa adzakumbukira kuti kuseri kwa makutu kumanyerenyesa ndi kusupuka "nthawi zonse ndikachokera ku saluni". Yankho limenelo musalipeputse. Munthu wotero samupaka dayi wokhalitsa, ngakhale achonderere, ngakhale abwana atachokapo ndipo ndalamayo mukuifuna. Muuzeni akaonane ndi dokotala wa khungu. Musanyengedwenso ndi bokosi lolembedwa kuti mulibe PPD, pakuti ambiri otero amaikamo mankhwala ena apachibale pake, ndipo ena mwa anthu odana ndi PPD amadananso ndi amenewo.

Pali funso lina limene ophunzira ambiri salidziwa: "Munajambulitsapo hina wakuda pamanja kapena pamapazi?" Hina weniweni ndi masamba opera. Mtundu wake ndi wofiirira, ndipo amafuna maola angapo kuti agwire. Amene amatuluka wakuda bii m'kanthawi kochepa nthawi zambiri amakhala atathiramo PPD, wochuluka kuposa wa m'dayi wa tsitsi, ndipo amakhala pakhungu nthawi yaitali. Kujambulitsa kamodzi kokha, pa ukwati kapena pa Idi, kungakwanire kutembenuza thupi. Mu 2011 mayi wina wa ku Yorkshire ku England anakomoka atangodaya tsitsi kunyumba kwake, ndipo anamwalira chaka chotsatira asanatsitsimuke. Pa kafukufuku wa imfa yake mu 2015 zinamveka kuti mu 2007 anajambulitsa hina wakuda ku Dubai, ndipo kuyambira pamenepo zizindikiro zimene thupi lake linkaonetsa akadaya zinakula, koma anapitiriza. Imfa zotere sizichitikachitika. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi nkhope yotupa, maso osatseguka ndi mutu wochucha madzi, ndipo zimenezo n'zokwanira kumulepheretsa munthu ntchito sabata yathunthu. Funsaninso ngati amadetsa nsidze ndi dayi, chifukwa ndi njira inanso imene PPD amafikira pakhungu. Inuyo dayi wa tsitsi musamupake pa nsidze kapena pa nkhope ya munthu, mabokosi ake omwe amaletsa.

Ngakhale mayankho onse akhale abwino, kuyesa pakhungu sikudumphidwa. Pukutani kamalo kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa chigongono, pakanipo kadontho ka dayi yemweyo amene mudzagwiritse ntchito, motsatira kapepala ka m'bokosi, chifukwa makampani ena amati musakanize ndi divelopa pomwe ena amati ayi. Kenaka dikirani maola 48. Pakhungu lathu lakuda kufiira sikuonekera bwino, choncho musadalire mtundu wokha. Gwirani ndi chala mumve ngati pakwera, yang'anani timatuza kapena kuda kwachilendo, ndipo mufunseni ngati pamayabwa. Kuyesaku sikutsimikizira kotheratu kuti vuto silidzabwera, koma kumagwira ambiri. Ndikudziwa kuti m'masaluni ambiri kuno zimenezi sizichitika, poopa kuti kasitomala akauzidwa za mkuja apita kwa oyandikana nawo. Ine ndikuona kuti ndi bwino kutaya kasitomala wa tsiku limodzi kusiyana n'kuti dera lonse lione chithunzi cha nkhope yotupa imene yachokera pampando wanu. Ndipo tsiku lina munthu akadzayamba kutupa milomo kapena lilime, kubanika kapena kuchita chizungulire dayi ali kumutu, tsukani msangamsanga ndi madzi ambiri n'kuthamangira naye kuchipatala. Pamenepo palibe za kudikira kuti tione.

Mukatha za thupi, gawani tsitsi ndi chipeso muone khungu la m'mutu, kuyambira pachipumi, paliwombo, mpaka kunkhongo, uku mukufunsa: "Mwamasula liti? Mwakhala mukukanda? Pali pamene pakupweteka?" Munthu amene wamasula meshi m'mawa womwewo amakhala ndi khungu lokokedwa ndi timabala tosaoneka, ndipo dayi akalowamo amawawa ngati moto. Mupatseni masiku angapo. Zilonda, nkhanambo za rilakisa amene anaotcha, zipere, tizilonda ta mafinya kunkhongo, zonsezi zikutanthauza kuti lero ayi. Mfundu wochepa sulepheretsa, koma wochita kumatirira pakhungu lotupa ndi wofunika chipatala poyamba. Za pakati funsani mwaulemu, chapansipansi. Mankhwala olowa m'thupi kudzera pakhungu la m'mutu ndi ochepa kwambiri, komabe amayi ambiri amasankha kudikira kuti miyezi itatu yoyamba idutse, ndipo fungo la amoniya limawasautsa. Auzeni zimenezi, asankhe okha. Mwana wa sukulu mufunseni zaka: makampani ambiri amalemba kuti dayi wokhalitsa si wa munthu wosakwana zaka 16.

Tsopano tafika pa funso limene limalamulira mitu yambiri ya kuno kwathu: "Rilakisa munapaka liti komaliza, ndipo mudzapakanso liti?"

Rilakisa ndi mankhwala amphamvu kuposa ena onse amene ali pa shelefu ya saluni. Amalowa m'kati mwa tsitsi n'kudula timfundo timene timalipatsa mapiringidzo ndi mphamvu, ndipo timfundo todukato sitilumikizananso monga kale. Tsitsi lowongola limaoneka losalala, koma ndi lofooka kale, ndipo khungu lake lakunja limakhala lotseguka. Dayi wokhalitsa nayenso amatsegula khungu limenelo ndi amoniya, kenaka pelokisaidi wa mu divelopa amalowa kukadya mtundu wachibadwa. Mukasanjikiza ziwirizi moyandikana, tsitsi limaduka, ndipo nthawi zambiri siliduka pampando wanu. Limaduka kunyumba, pa pilo ndi m'chipeso, sabata yotsatira. Lamulo lodziwika ndi lakuti papite masabata awiri kuchokera tsiku la rilakisa, tsitsi litatsukidwapo, musanapake dayi wokhalitsa, ndipo divelopa asapose wa voliyumu 20. Za bulichi pa tsitsi la rilakisa, akatswiri ambiri amakana, ndipo ine ndili kumbali yawo. Funso la "mudzapakanso liti" ndi lofunika chimodzimodzi. Tsitsi lachibadwa limene mwaliyeretsa lero ndi bulichi, mwini wake akakalipaka rilakisa mwezi wamawa, likathothoka, ndipo mlandu udzabwera kwa inu amene simunamuchenjeze.

Tsitsi lowongola limamwanso mtundu mofulumira. Bulauni amene pabokosi akuoneka wowala amatuluka wodera, makamaka kunsonga, kenaka amasuluka msanga. Choncho pa mutu wa rilakisa sankhani mtundu wowala pang'ono kuposa umene kasitomala akuloza.

Zimene wayankha zitsimikizeni ndi manja anu. Tengani timatsitsi tingapo, tinyowetseni, tikokeni pang'onopang'ono. Tsitsi lamoyo limatamuka n'kubwerera. Likatamuka osabwerera, kapena likaduka musanakoke n'komwe, mankhwala ena aliwonse adzalimaliza. Yesani malo atatu, kutsogolo, paliwombo ndi kunkhongo, chifukwa mutu umodzi sukhala wofanana ponseponse.

Nanga dayi wakale? Apa pali mfundo imodzi imene muyenera kuisunga: dayi sachotsa dayi mnzake. Divelopa amatha kuyeretsa mtundu wachibadwa wa tsitsi, koma mtundu wochita kupaka sauyeretsa mokwanira. Chitenje chakuda mungachiviike mu utoto wachikasu tsiku lonse, chidzatuluka chakuda. Ndi mmene zilili ndi tsitsi limene linapakidwa dayi wakuda: mukaikapo bulauni wowala, mbali yodayidwayo sisintha, imasintha ndi yomera kumene yokha. Kuti wakudayo achoke pamafunika mankhwala ochotsera dayi kapena bulichi, ndipo wakuda wopakidwa mobwerezabwereza sachoka mofanana. Amasiya mizeremizere, pena pofiira, pena pa olenji, pena pakuda.

Hina nayenso ali ndi zake. Weniweni amamatirira ku tsitsi mwakuti sachoka, ndipo dayi wowala sagwira bwino pamwamba pake. Choopsa kwambiri ndi ufa wina wosadziwika bwino, ndiponso mankhwala ena odetsa imvi pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, amene amakhala ndi mchere wa zitsulo. Zitsulozo zikakumana ndi pelokisaidi tsitsi limatentha, limatha kufuka nthunzi n'kusungunuka. Kasitomala akanena kuti anapaka chinthu chimene dzina lake sakulidziwa, dulani kachingwe ka tsitsi kunkhongo. Thirani mamililita 30 a divelopa wa voliyumu 20 m'kapu yagalasi, onjezani madontho 20 a amoniya, ikanimo tsitsilo kwa mphindi 30. Likangoyera pang'ono, palibe vuto. Kapu ikafunda, thovu likachuluka, fungo loipa likatuluka, kapena tsitsi likasintha mtundu nthawi yomweyo kapena kufumbutuka, mutu umenewo usakhudzidwe ndi pelokisaidi mpaka mbali imeneyo itadulidwa.

Pokhapokha mutadziwa zonsezi m'pamene funso lakuti "mukufuna mtundu wanji?" limakhala ndi phindu. Mawu a mitundu ndi onyenga. "Bulauni" wa munthu mmodzi ndi "golide" wa mnzake. Pemphani chithunzi, kapena tulutsani timitolo ta meshi, popeza makasitomala ambiri amadziwa manambala ake: 1B wakuda, 4 wabulauni wodera, 33 ndi 30 ofiirira, 27 wonga uchi, 613 woyera mwachikasu. Aloze ndi chala, ndipo mufunse chimene chawasangalatsa pachithunzipo, chifukwa nthawi zina ndi kuwala kwa tsitsi chabe osati mtundu wake. Ambiri a zithunzi za pafoni ndi mawigi, ndipo ndi bwino kunena zimenezo poyera.

Kenaka werengani mtunda. Odaya amaika mitundu pa makwerero khumi: 1 ndi wakuda bii, 10 ndi woyera mwachikasu. Tsitsi lachibadwa la ambiri a ife lili pa 1 kapena 2. Divelopa wa voliyumu 10 ali ndi pelokisaidi wa 3 peresenti ndipo ntchito yake ndi kungoika mtundu. Wa 20 ali ndi 6 peresenti, amakweza khwerero limodzi kapena awiri, ndipo ndi amene amabisa imvi. Wa 30 ali ndi 9 peresenti, amakweza awiri kapena atatu. Wa 40 ali ndi 12 peresenti, ndipo si wa m'manja mwa wophunzira. Tsitsi lakuda likamayera silidumphira ku chikasu. Limadutsa pofiira, kenaka pa olenji, kenaka pachikasu chodera. Munthu wa pa khwerero 2 amene akufuna 27 akupempha makwerero asanu kapena kuposa, ndipo dayi yekha sangafikeko. Akufuna bulichi, ndipo bulichi akutibwezera ku funso la rilakisa lija.

Tiyeni tiyerekeze ndi mutu umodzi, tione mmene mafunsowa amalumikizirana. Ndi Lachinayi masana. Alowa mayi a zaka za m'ma 40, tsitsi lowongola lotalika masentimita 15, imvi zikusuzumira pachipumi. Loweruka m'mawa kuli chinkhoswe cha mwana wawo. Akuonetsani chithunzi pafoni: mtundu wa 30.

"Mayi, m'mutumu munapakamo dayi?"

"Ayi mwanawe, ine sindinadayepo."

"Nanga imvi zikatuluka mumazitani?"

"Aa, timangopaka kakuda kaja kosungunula ndi madzi. Kutsogolo kuno basi."

"Mutu wonse simunapakepo?"

"Kawiri kokha. Pa Khirisimasi, ndi pamene tinkapita ku ukwati ku Zomba."

"Mukapaka, khungu limatani? M'makutumu, m'khosimu, ngakhale patapita masiku awiri?"

"Palibe chimene ndimamva."

"Hina wakuda pamanja?"

"Ayi."

"Rilakisa munapaka liti?"

"Lachitatu la sabata yatha."

Mafunso asanu ndi limodzi okha, koma mwadziwa zinthu zitatu. Rilakisa wangotha masiku asanu ndi atatu, masabata awiri sanakwane. Tsitsi lonse, kupatula kam'munsi komera kumene, lili ndi dayi wakuda, ndipo kutsogolo wasanjikizana kambirimbiri. Chachitatu ndi nthawi: mukayesa pakhungu lero masana, maola 48 akwana Loweruka masana, chinkhoswe chili m'kati.

Mukagawa tsitsi mupeza kankhanambo paliwombo pamene rilakisa anaotcha. Mukakoka kachingwe konyowa ka kutsogolo, kaduka msanga. Tsopano ganizirani chimene chikanachitika mukanangomvera chithunzi. Mukanatenga dayi wofiirira ndi divelopa wa 30 n'kupaka mutu wonse. M'munsi, pamene pali tsitsi losadayidwa ndiponso pofunda chifukwa cha kutentha kwa khungu, mukanatuluka kamzere kowala ka olenji. Imvi zikanawala kuposa pamenepo, chifukwa zilibe mtundu wake woti uchepetse kufiirako. Tsitsi lonse lotsala likanakhala lakuda monga linabwerera. Poona zimenezi mtima ukanakuuzani kuti muthire bulichi kuti zifanane, ndipo mayi aja akanapita kukalandira apongozi ndi tsitsi lakutsogolo litatsala m'beseni.

Chimene muwauze ndi choona, mofatsa, osawachititsa manyazi chifukwa cha kaufa kaja. "Mayi, mtundu uwu ukukukhalani ndithu, koma tsitsi lanu lero silingaulandire. Wakuda uja adakali m'kati, ndipo rilakisa sanakhazikike. Ndikaumiriza, liduka." Musathere pa kukana. Za Loweruka, wigi wa 30 awapatsa maonekedwe a pachithunzi paja ndendende, ndipo pansi pake tsitsi lilukidwe momasuka, osakoka, popeza langowongoledwa kumene. Ngati akufuna tsitsi lawo lomwe, litsukeni, lipatseni tiritimenti, likonzeni bwino, ndipo imvi za pachipumi zibisidwe ndi kopopera kapena kopaka kochoka ndi shampu. Kuyesa pakhungu kuchitike sabata yamawa, chinkhoswe chitadutsa, kuti ngati khutu lingatupe lisatupire pa tsiku la mwana wawo.

Za m'tsogolo, akhale ndi chisankho chomveka. Ngati akufuna kupitiriza rilakisa, 30 aiwale. Chotheka ndi bulauni wodera wopaka m'munsi mokha ndi divelopa wofatsa, masabata awiri atakwana ndiponso nkhanambo itapola. Ngati mtima uli pa 30, asiye wakuda ndi rilakisa yemwe. Pakatha miyezi isanu adzakhala ndi masentimita anayi kapena asanu a tsitsi lachibadwa, lokwanira kumeta sitayilo yaifupi n'kuliyeretsa bwinobwino. Kuti masentimita 15 onse alowedwe m'malo, pafunika kupitirira chaka. Ena akamva zimenezi amanyamuka n'kupita kwina, ndipo palibe chimene mungachite. Koma musanawayankhe chilichonse chomaliza, kafotokozereni amene akukuphunzitsani zimene mwapeza. Kupita kwa iwo ndi mbiri yonse m'manja n'kumene kudzawachititse kukusiyirani mitu yovuta.

Pa mutu uliwonse wokayikitsa, kachingwe kamodzi kayesedwe mutu wonse usanapakidwe. Sankhani kakunkhongo, kokhala ndi m'munsi ndi nsonga yomwe. Sakanizani pang'ono dayi ndi divelopa pa muyeso wa pakapepala, pakani, dikirani nthawi yonse yolembedwa, imene kawirikawiri ndi mphindi 30 mpaka 45, tsukani, umitsani. Kachingweko kamuonetse kasitomala panja padzuwa. Akavomera mtundu umene wauona ndi maso ake, mkangano wa pagalasi madzulo sudzakhalapo.

Mafunso otsala ndi a moyo wa kasitomala, ndipo satenga nthawi. Kuntchito kapena kumpingo kwawo mtundu umenewu akaulandira? Adzatha kubwera pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, m'munsi mukada? Ndalama ya ulendo umenewo, ndi ya tiritimenti, aiwerengera? Amatsuka kangati, ndi sopo wanji? Mitundu yofiira imasuluka msanga kuposa ina yonse, ndipo sopo wochapira zovala amaithamangitsa. Ngati amatsukira madzi a pamjigo amene amasiya dzimbiri m'ndowa, tsitsi loyeretsedwa lidzasintha mtundu. Mtengo wonse unenedwe pano, chubu chisanabooledwe, kuphatikizapo wa chubu chachiwiri ngati tsitsi ndi lambiri.

Zonse zimene mwamva zilembeni m'kope, kasitomala aliyense tsamba lake: tsiku la rilakisa womaliza, zimene anapakapo kale, tsiku ndi malo amene munayesa pakhungu ndi zotsatira zake, nambala ya dayi, voliyumu ya divelopa, muyeso, mphindi, ndi mmene mtundu unatulukira. Akadzabweranso, musadalire tsambalo lokha. Mufunseninso mmene khungu linachitira masiku atatu atachoka pano, ndiponso chimene chapakidwa m'mutumo kuchokera tsiku limenelo, ndipo kuyesa kuseri kwa khutu kubwerezedwe ngakhale dayi ndi yemwe uja.